Sikelo Yanga ndi Mimba Ziwiri

Anandilanda sikelo. Amene analanda ndi alamu anga, mkulu wake wa mkazi wanga, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiikira kumbuyo.

Inali sikelo yaing'ono yopondapo, galasi lake long'aluka pakona. Ndinaigula nditasiya sukulu Fomu 3, bambo atachotsedwa ntchito kufakitale, fizi itasowa. Zinali zaka zimene matipate inali itangobwera kumene, mavenda titadzaza m'misewu ya ku Limbe, aliyense akugulitsa chimene wachipeza. Ine ndinkagulitsa nambala. Munthu ankaponda, ine n'kumuuza kulemera kwake, iye n'kundiponyera kandalama. Masiku amenewo aliyense ankaopa kuonda, chifukwa ukangoonda anthu ankayamba kunong'ona za matenda aja amene sankatchulidwa dzina. Ndiye ndinkapotoza kagudumu ka sikelo kuti iziwonjezera makilo awiri. Munthu ankatsika akumwetulira, sabata yamawa n'kubweranso.

Mkazi wanga ndinamudziwira pomwepo. Ankagulitsa nthochi pafupi ndi ine, kamtsikana kowonda ngati bango, koma kolongolola. Atatenga pakati tinalowana, tinachita lendi kachipinda kamodzi ku Bangwe, kumunsi kwa msika. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anamulera ndi achemwali ake, alamu angawo, mayi wa thupi lalikulu, wokazinga mandasi, amene ankakhala chakumtunda, kufupi ndi phiri. Chaka chimenecho nawonso anali oyembekezera. Mimba ziwirizo zinkatsatana ngati mapasa.

Kuchipatala mkazi wanga anayamba mwezi wachinayi, atapita ndi achemwali akewo. Ine ndinawaperekeza chabe, n'kukhala panja pansi pa mtengo, sikelo yanga ili m'chikwama, chifukwa mwamuna sankalowa kumene amayi oyembekezera amayezedwa. Kenaka ndinaona namwino wina wamagalasi ataima pakhomo.

"Bambo wa sikelo uja ndi uti?"

Amayi onse amene anali pabenchi anaseka. Wina anati, "Wabwera kudzatilanda makasitomala ameneyu." Wina anati, "Muyezeni nayenso, mwina ali ndi miyezi itatu." Ndinalowa nkhope ili pansi.

Namwinoyo sanaseke. Anati akufuna kudziwa kulemera kwa mkazi wanga asanatenge pakati, chifukwa wabwera mochedwa, ndipo iye wanena kuti mwamuna wake ankamuyeza.

"Anali 44," ndinayankha.

"Sikelo yanuyo imanena zoona?"

"Kwa makasitomala ndimawonjezera awiri. Kwa uyu ayi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anauza mkazi wanga kuti aponde yanga, kenaka ya chipatala. Zonse zinati 45. Atatero anamuimika pakhoma pamene panali mizere, n'kunena kuti kutalika kwake ndi mita imodzi ndi masentimita 58.

"Sukulu munalekezera pati, achimwene?"

"Fomu 3."

"Ndiye samu iyi muitha. Chulukitsani 1.58 ndi 1.58. Mukapeza, mugawe 44 ndi yankholo."

Ndinalemba padzanja. Yoyamba inatuluka pafupifupi 2.5. Yachiwiri inatuluka 17.6. Anati nambala imeneyo amaitcha BMI, imanena ngati kulemera kwa munthu kukugwirizana ndi msinkhu wake, ndipo kwa mayi woyembekezera yofunika ndi ya poyambira, mimba isanayambe kumulemeretsa. Anandilozera pepala limene anamata pakhoma, limene anabwera nalo kuchokera kumaphunziro. Amene nambala yake sinafike pa 19.8 ndi wochepa thupi, ndipo pofika tsiku lobereka ayenera kuwonjezera makilo 12 ndi theka mpaka 18. Wapakati, kufika pa 26, awonjezere 11 ndi theka mpaka 16. Wopitirira 26 kufika pa 29 awonjezere 7 mpaka 11 ndi theka. Woposa pamenepo awonjezerebe, koma cha m'ma 7.

"Uyu wayamba alibe nkhokwe m'thupi," anatero. "Mwana akafuna chakudya akachitenga kuti? Kuyambira pano ndikufuna theka la kilo sabata iliyonse. Phala lothira nsinjiro, nyemba, usipa, mazira mukawapeza, ndi kachakudya kena pakati pa chakudya. Malungo akangomugwira muthamange naye. Mapiritsi a magaziwa amwe. Koma mukaona kuti walemera mwadzidzidzi, nkhope ndi manja zatupa, mutu ukumupweteka, amenewo si makilo amene ndikufuna. Mubwere naye tsiku lomwelo."

Alamu anga anali atakhala pomwepo. Iwo anali atayamba sikelo msanga, ndipo kulemera kwawo ndinkakudziwa chifukwa ankaponda yanga ulere: 68, pa msinkhu wa 1.55. Nambala yawo inatuluka 28 ndi kakang'ono. Namwino anawauza kuti iwo awonjezere 7 mpaka 11 ndi theka basi, achepetse mandasi ndi shuga wa mu tiyi, koma asadzimane chakudya.

Anauzidwa zinthu ziwiri zosiyana, m'chipinda chimodzi, ndi pakamwa pamodzi. Pofika kunyumba zinali zitasanduka chinthu chimodzi.

Mwezi wachisanu alamu anabwera kudzamutenga. Anati mimba yoyamba siyang'aniridwa ndi mnyamata, mwambo wake ndi wakuti mtsikana akakhale ndi akuluakulu amulangize. Sindinakane. Ndikanakana ndi chiyani? Kachipinda kathu kankadontha, ndipo kwa alamu kunkapezeka ndiwo tsiku lililonse. Ndinaganiza kuti akanenepa kumeneko.

Chimene sindinkachidziwa bwino ndi chakuti mwana woyamba wa alamu anabadwa pa opareshoni. Anali wamkulu, anavutika naye mpaka anawatengera kuchipatala chachikulu. Chipsera chake ankachionetsa kwa mng'ono wawo posamba. Ndiye mawu a namwino aja akuti achepetse, iwo anawamva ngati chitsimikizo cha zimene ankazikhulupirira kale, kuti mayi akadya kwambiri mwana amakula, mpeni n'kumupeza. Ngati iwo, a chiuno chachikulu chotero, anang'ambidwa, nanga kamtsikana aka? M'nyumba imeneyo lamulo linakhala limodzi. Mbale yaing'ono kwa onse awiri. M'mawa tiyi wopanda kanthu. Mazira ayi, akuti mwana amabadwa wopanda tsitsi.

Loweruka lililonse ndinkakwera mtunda uja ndi sikelo. Ndinkaiika pakhonde posalala, n'kubweza kagudumu pa ziro, iye n'kuponda atagwira phewa langa. Muvi unkagwedezeka pang'ono n'kuima. Unafika pa 46 n'kukhala pomwepo ngati wakhomedwa ndi msomali. Mimba inkakula ndithu, koma mikono inkaonda, mafupa a m'khosi anatuluka, mphete ya waya imene ndinamupangira inayamba kugwa yokha.

"Ukudya iwe?"

"Ndikudya."

"Chiyani?"

"Zimene achemwali akudya."

"Iwe si achemwali ako. Nambala yako ndi 17, yawo ndi 28. Unamva wekha."

"Usakuwe, akumva."

Ndinkabwera ndi chiponde, mazira owiritsa, nthawi zina kambale ka usipa. Alamu ankalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo alamu, Mulungu akudalitseni. Ndikabwera sabata inayo ndinkapeza mwana wawo wamkulu uja akunyambita botolo la chiponde.

Pamenepo m'pamene mantha anandilowa zenizeni. Ku Limbe ndinkaona tsiku ndi tsiku anthu amene muvi wawo unkabwerera m'mbuyo. Bambo wina wa tayi ankabwera mwezi uliwonse, lamba akumuboola mabowo atsopano, mpaka anasiya kubwera. Ndinkadziwa mmene anthu otero amatsikira pa sikelo, osayang'ana munthu kumaso. Tsono amayi a pampopi ku Bangwe anayamba kutiyang'ana choncho ifenso. Ndikamadutsa nkhani inkaduka. Tsiku lina ndinamva wina akuti, "Mimba yanji yosanenepetsa? Anyamata a m'tauniwa amayenda." Ine ndinali ndisanayezetse magazi, iyenso ayi, ndipo sindinali mngelo ndisanamupeze. Ndinasiya kuponda sikelo yanga yomwe. Ndikamuona mkazi wanga ndinkamvetsera ngati akutsokomola, ndinkamuyang'ana pakhungu ngati patuluka zilonda. Panalibe. Koma mantha safuna umboni.

Ndinabwerera kwa namwino uja ndekha. Amayi a pabenchi sanasekenso, anangondipatsa njira. Ndinamuuza zonse, za mbale yaing'ono ndi za chipsera. Iye anali ataona kale kuti makilo sakukwera. Anali atamuyeza malungo, atamufunsa za kutsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo mkazi wanga ankangoyankha kuti akudya bwino, achemwali ake ali pambali pake. Ulendo wotsatira anawaitana onse awiri, ine nditaima pakhomo.

"Mayi, zimene ndinakuuzani inu ndi zanu. Uyu ndi wina. Inu munayamba muli ndi chosungira, uyu alibe. Mukamumana chakudya simukumupulumutsa ku mpeni. Msinkhu wake si waufupi, ndipo opareshoni imabwera pa zifukwa zambiri. Chimene mukuchita n'chakuti mwana adzabadwa wochepa, wosachedwa kuzizidwa, wovuta kuyamwa, ndipo mayi ake adzafika tsikulo alibe mphamvu. Mwandimva?"

"Tamva, asisita," anatero alamu, manja ali pamaondo.

Titangotuluka pageti alamu anati, "Iwowo akamang'amba anthu, ululu amaumva ndi iwo?"

Alamu ankayenda bwinobwino. Makilo awo ankakwera pang'onopang'ono monga mmene namwino anafunira, ndipo ankawayamikira pamaso pa anthu. Ndiye mukanawauza chiyani? Lamulo lawo linkagwira ntchito pa thupi lawo, ndipo umboni ankauona mwezi ndi mwezi.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri muvi unafika pa 47. Makilo atatu okha kuchokera poyambira. Ndinawerengera pomwepo pakhonde, mokweza, kuti pofika nthawi imeneyo anayenera kukhala atadutsa 50. Mwina ndinakuwa. Ndinanena kuti nyumba iyi ikupha mwana wanga. Anthu oyandikana nawo anatuluka, ena atanyamula mabeseni.

Alamu anatuluka m'khitchini, manja ali ufa wa mandasi okhaokha. Tsiku limenelo sananditchule alamu.

"Iwe, takhala tikukuona. Sabata iliyonse kumuponderetsa mwana wa eni pa chinthu chakocho, ukatero ulendo ku Limbe. Makilo akewo ukupita nawo kuti? Bizinesi yanji yopanda katundu, munthu kumangokhala pansi ndalama n'kumabwera? Wakhwimira mng'ono wanga iwe!"

"Alamu, sikelo sichotsa kanthu. Imangonena."

"Nanga bwanji chiyambire kumuyeza sakunenepa? Ine ndinasiya kupondapo, taona mmene ndilili."

Mayi wina pagulupo anati, "Eee, zimachitika zimenezo." Bambo wina anagwedeza mutu. Alamu anawerama ndi mimba yawoyo, anatola sikelo, analowa nayo m'nyumba, n'kutseka chitseko. Mkazi wanga anali ataima opanda nsapato pamene panali sikelo paja, akuyang'ana pansi. Ali m'nyumba momwemo, alamu anandiuza kuti ndisadzapondenso pakhomopo mpaka mwana atabadwa. Amuna awo a alamu anali pampando akumvera mpira pa wailesi. Sanachepetse n'komwe voliyumu.

Ntchito inathera pomwepo. Ndinayamba ganyu yonyamula matumba kumsika wa Limbe. Koma chimene chinkandidya si njala. Kale ndinkaopa nambala imene ndinkaiona. Tsopano ndinalibe nambala iliyonse, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa poyamba. Ndikasenza thumba ndinkaganiza za kamwana kali m'kati muja, kakufunafuna chakudya m'thupi lopanda kanthu. Ndikaona maliro a mwana akudutsa, aja amanyamula amayi okhaokha opanda nyimbo, ndinkatembenukira kukhoma.

Ndinadziwa kuti madzi ankatunga ndi mkazi wanga, pa mpopi wogulitsa madzi umene unali kuseri kwa chigayo. Ndinayamba kumudikirira kumeneko masana, nditanyamula mazira awiri owiritsa, mtedza wokazinga, mbatata, chilichonse chimene ganyu ya tsikulo yandipatsa. Tsiku loyamba anakana. Anagwira dzira m'manja n'kuyamba kulira.

"Akakandidula ndikafa, udzati chiyani? Achemwali anatsala pang'ono kupita. Ndinaona ine magazi awo."

"Nanga mwana akabadwa ngati khoswe, n'kutisiya, udzati chiyani iweyo?"

Ndinalankhula moipa, ndikudziwa. Mawu ofewa ndinalibe. Tonse awiri tinkaopa, iye mpeni, ine kabokosi kakang'ono, ndipo panalibe amene akanatilonjeza kuti zonse ziwiri sizichitika. Anasenda dzira lija, anadya theka, theka n'kundipatsa.

"Idya lonse."

"Ukundilamula ngati ndiwe asisita."

"Asisita anati theka la kilo, sanati theka la dzira."

Anaseka misozi ili m'masaya, n'kumaliza. Kuyambira tsikulo ankadya kuseri kwa chigayo ngati wakuba, akupukuta pakamwa ndi chitenje kuti fungo lisakamveke kunyumba. Wachigayo ankationa, ankangoti, "Hotela yatsegulidwa," n'kupitiriza ntchito yake.

Poti sikelo ndinalibe, tsiku lina ndinamunyamula. Mikono yanga inali itazolowera thumba la chimanga la makilo 50, inkalidziwa ngakhale nditatsinzina. Ndinamukweza pang'ono, iye akundimenya paphewa kuti anthu aona. Munthu wa mimba ya miyezi isanu ndi itatu, pamodzi ndi mwana wake, sanafike pa thumba limodzi. Ndinamutsitsa bwinobwino.

"Ndalemera?"

"Walemera," ndinanama.

Matenda anamuyamba mwezi wachisanu ndi chinayi uli pakati. Sanandiuze ndi alamu. Anandiuza ndi wachigayo uja, kuti aona mkazi wanga akupita naye kuchipatala m'mawa. Ndinathamanga mtunda wonse. Ndinaima panja pa mpanda, pansi pa mtengo womwe uja, dzuwa likukwera mpaka kupendeka. Mayi aliyense wotuluka ndinkamuyang'ana kumaso kuti ndione ngati akubisa kanthu. Ndinamva kulira kwa ana angapo, koma onse ankalira mwamphamvu, ndipo mumtima ndinkadziwa kuti wanga sangalire choncho.

Anatuluka ndi namwino wamagalasi uja. Anati mkazi wanga wachira, sanamung'ambe, koma wataya magazi ndipo ndi wofooka kwambiri. Anati mwana ndi wamkazi, ali moyo, makilo ake ndi 1.9, pamene mwana amafunika kufika 2 ndi theka. Akuzizira ndipo sakukoka bere bwino, ndiye onse awiri awatumiza kuchipatala chachikulu. Ndinafunsa kuti mayi ake anafika pa makilo angati. Anati ulendo womaliza anali 49. Awiri omalizawo anali a kuseri kwa chigayo.

Ndinakamuona mwanayo kudzera pawindo la chipinda cha ana obadwa ochepa. Khungu lake linali la makwinya ngati la nkhalamba, mwendo wake ngati chala changa chachikulu. Tsitsi anali nalo lambiri. Mayi ake ankafinyira mkaka m'kapu, n'kumamudonthezera pang'onopang'ono. Mwana amene anali pambali pake tsiku lina sindinamupeze, bedi lake lili loyalidwa bwino. Sindinafunse. M'mawa uliwonse ndikamalowa pageti ndinkayamba ndayang'ana nkhope ya mkazi wanga patali, ndisanayandikire.

Mwana wathu anatuluka. Ali moyo mpaka lero, akuyenda, ngakhale nyengo yozizira ikafika chifuwa sichimusiya, ndipo akatentha thupi pang'ono ine tulo sindiliona. Mkazi wanga anabwerera kukachipinda kathu, ndipo thupi lake linabwerera pang'onopang'ono. Magazi sitinayezetsebe. Amayi a pampopi anapeza wina womunena.

Alamu anabereka patangopita masabata ochepa, mwana wamwamuna wa makilo atatu ndi kanthu. Iwo anawonjezera makilo 9, m'kati mwenimweni mwa zimene anauzidwa. Mpaka lero amauza anthu kuti mng'ono wawo anabereka popanda mpeni chifukwa cha iwo. Amabwera kwathu ndi mandasi, amamunyamula mwana wanga n'kumati, "Kamwana aka n'kopepuka bwanji, mukukadyetsa koma?" Mkazi wanga amandiponda phazi kuti ndikhale chete. Amawakonda, anamulera ndi iwo, ndipo ndikudziwa kuti zonse zija ankachita poopa kumuika m'manda. Kudziwa zimenezo sikunandichotsere mkwiyo.

Sikelo ija ndinaiona tsiku lina kwawo, ili pansi pa bedi, atasanjikapo mapoto. Sindinaipemphe. Aisunge. Ngongole yanga si imeneyo. Namwino anati makilo 12 ndi theka, osachepera pamenepo. Mkazi wanga anawonjezera 5. Samu imeneyo ngakhale wa Fomu 3 amaitha. Alamu andibwezere makilo asanu ndi awiri ndi theka.